Mphindi Zimene Sizioneka pa Pulogalamu ya Msonkhano

Pepala limene mumalipeza pampando mukalowa m'holo ya msonkhano limakhala lokongola, la mizere yochepa: 08:30 mwambo wotsegulira, 10:00 tiyi, 10:30 gawo loyamba, 12:30 nkhomaliro. Limeneli ndi la alendo, ndipo kwa iwo ndi lokwanira. Vuto limayamba okonza msonkhano akatenga pepala lomweli n'kulitumiza kwa oyankhula ndi kwa woyendetsa mwambo, uja timangoti emusi, n'kumati ntchito yatha. Woyankhula akaona dzina lake pakati pa 10:30 ndi 12:30 pamodzi ndi anzake awiri, amagawa yekha m'mutu n'kupeza mphindi 40, ndipo amakonza nkhani ya mphindi 40. Anzake aja achitanso chimodzimodzi. Palibe amene walakwa masamu, koma nkhomaliro ya tsiku limenelo idyedwa cha m'ma 2 koloko, mpunga utazizira.

Anthu amene agwire maikolofoni amafunika pulogalamu ina, yowerengedwa mphindi ndi mphindi. Kuti tione m'mene imapangidwira, tiyerekeze kuti bungwe lina laitana anthu 150 a m'makopaletivi a mtedza ndi soya ku msonkhano wa tsiku limodzi, Lachinayi, pa hotela ina ku Lilongwe. Ambiri achokera ku Mchinji, Dowa, Kasungu ndi Dedza, ndipo akufuna kukagona kwawo.

Wolemba pulogalamu asayambe ndi 08:30 n'kumatsika. Ayambe wakhoma zikhomo, ndiye kuti nthawi zimene sizingasunthe ngakhale zitavuta bwanji. Pa msonkhano wathuwu zilipo zinayi. Khitchini ya hotela yalonjeza chakudya 12:30. Woyankhula wachiwiri ali ku Nairobi ndipo alowa pa Zoom pa nthawi imene anapatula. Mlendo wolemekezeka, mkulu wina wa ku unduna, wanena kudzera mwa mlembi wake kuti pofika 10:15 akhale atanyamuka. Chomaliza ndi nthawi yotsekera: ngati ndi mwezi wa Juni, dzuwa ku Lilongwe limalowa isanakwane 17:30, ndipo mlimi wopita kupitirira pa boma la Mchinji ayenera kukhala ali m'minibasi kusanade. Zina zonse zimalowa m'mipata ya pakati pa nthawi zinayizi, ndipo zikapanda kukwana, zimadulidwa papepala sabata ziwiri msonkhano usanachitike, osati pagulu anthu akuyang'ana.

Mwambo wotsegulira ndiwo umadya tsiku. Papepala la alendo ndi mzere umodzi wa mphindi 90, koma tiyeni tiuphwanye. Pemphero litenga mphindi 3. Mawu a emusi, kunena kumene kuli zimbudzi ndi kupempha anthu kuti mafoni asalire, mphindi 5. Kudziwitsa magulu amene abwera, 7. Wapampando wa bungwe 10, a mfumu 5, woyimira khonsolo 5, woyimira amene apereka ndalama 10, mlendo wolemekezeka 20, chithunzi cha gulu 15. Zonse pamodzi zikwana mphindi 80, ndipo wolemba amapumira m'mwamba poganiza kuti watsala ndi 10. Sizinatsale. Pakati pa woyankhula wina ndi mnzake pali kuitana, kuomba m'manja, kuyenda kuchoka pa tebulo la kutsogolo, kutsitsa kapena kukweza maikolofoni, kutulutsa magalasi m'thumba. Zimenezi sizichepera mphindi 2 pa munthu, ndipo oyankhula asanu amaliza mphindi 10 zija. Pulogalamuyi yadzaza ndendende, moti munthu mmodzi yekha akayamba kupereka ulemu kwa aliyense wokhala kutsogolo potchula dzina ndi udindo, tiyi wachedwa kale.

Apa wolemba ali ndi zosankha zingapo, ndipo zonse ndi za ndale pang'ono. Akhoza kupempha kuti ulemu wonse uperekedwe kamodzi ndi wapampando, otsatirawo angoti ulemu waperekedwa kale. Akhoza kuchotsa kudziwitsa magulu, popeza mayina ali kale pa mabaji. Ine ndimaona kuti kuchotsa mawu a mfumu kapena a khonsolo n'kudziputira mlandu wosafunika; ndi bwino kuwasiya koma kuwauza msanga, mwaulemu, kuti ndi mphindi 5. Chithunzi cha gulu musachichepetse. Kutulutsa anthu 150 panja, kuika mipando ya akuluakulu, kudikira amene athawira kuchimbudzi, zonsezi sizitheka m'mphindi 5 zimene ambiri amalemba. Ndipo kumbukirani kuti atolankhani amamugwira mlendo wolemekezeka chithunzi chikangotha, choncho wapampando amene ayenera kumuperekeza ku galimoto asapatsidwe ntchito ina m'holo pa nthawi imeneyo.

Pali kanthu kena kamene pulogalamu ya emusi iyenera kunena poyera: woitana mnzake ndani. Pa misonkhano yambiri kuno kwathu emusi saitana yekha mlendo wolemekezeka. Amaitanidwa ndi mkulu amene wayankhula chakumapeto. Ngati mkuluyo sanauzidwe, amamaliza mawu ake n'kukakhala pansi, emusi n'kumayang'ana wapampando, wapampando n'kumayang'ana pansi. Mzere umodzi wonena kuti “woyimira opereka ndalama aitana mlendo wolemekezeka” umathetsa zimenezi, bola ufike kwa anthu onse atatu.

Nanga mlendo wolemekezeka akachedwa? Funsoli lisadikire m'mawa wa Lachinayi. Pulogalamu ya emusi ikhale ndi njira yachiwiri yolembedwa kale: ikakwana 08:45 mlendo asanafike, pemphero ndi zolengeza zichitike, kenako woyankhula woyamba wa gawo la 10:30 ayambe nkhani yake, mlendo akafika adikire m'chipinda cha alendo kufikira nkhaniyo ithe, ndiye mwambo wotsegulira uyambe. Zimenezi zili ndi zotsatira ziwiri. Woyankhula woyambayo ayenera kuuzidwa kuti afike 08:15 ngakhale nthawi yake ndi 10:37, ndipo auzidwe chifukwa chake. Mlembi wa mlendo wolemekezeka nayenso adziwe kuti dongosolo ndi limenelo, kuti bwana wake asadzamve ngati anthu anamuyambira mwano.

Tsopano gawo loyamba, la mphindi 120 lija. Likawerengedwa bwino limaoneka chonchi:

10:30 Emusi aitana anthu kuchoka ku tiyi (5)
10:35 Emusi adziwitsa woyankhula woyamba (2)
10:37 Nkhani yoyamba: kuyanika ndi kusunga mtedza (20)
10:57 Kusintha, wa zipangizo atsegula Zoom (3)
11:00 Nkhani yachiwiri, ya ku Nairobi, ndi womasulira (25)
11:25 Kusintha ndi kudziwitsa wachitatu (3)
11:28 Nkhani yachitatu: mapangano ndi ogula (20)
11:48 Mafunso kwa onse atatu (30)
12:18 Zolengeza za nkhomaliro (2)
12:20 Mpata wosungira (10)
12:30 Nkhomaliro

Mphindi 40 zimene woyankhula anadzigawira zija zasanduka 20. Akadziwa zimenezi sabata ziwiri zisanakwane, sadandaula. Amangodula nkhani yake. Akadziwa atafika kale ndi zithunzi 45 za pa projekita, amathamanga nazo mpaka palibe womva, kapena amangopitirira nthawi n'kudya ya mnzake. Ndi chifukwa chake uthenga wopita kwa iye uyenera kutchulanso kuchuluka kwa zithunzi. Chithunzi chimodzi chokhala ndi mfundo yeniyeni chimadya pafupifupi mphindi ziwiri, ndiye pa mphindi 20 musalole zoposa 10 kapena 12.

Mzere wa 11:00 uli ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wa womasulira. Ngati mlendoyo ayankhula Chingelezi n'kumaima kuti wina anene m'Chichewa, chiganizo chilichonse chimanenedwa kawiri, ndipo mphindi 25 zimanyamula nkhani ya mphindi 12 zokha. Mukangomulembera 25, akonza za 25, ndipo gawo lake litenga 50. Mulembereni nambala zonse ziwiri ndi chifukwa chake. Womasulira nayenso alandire pulogalamu ndi zithunzi za mlendoyo pasadakhale, kuti mawu ovuta a zaulimi asakumane nawo koyamba ali pamaso pa anthu. Msampha wachiwiri ndi wa koloko. Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, choncho 11:00 ya ku Lilongwe ndi 12:00 kwa iye. Lusaka, Harare, Maputo ndi Johannesburg tili nawo pa nthawi imodzi, palibe vuto. London ndiye amasokoneza, chifukwa kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, pamene miyezi inayo ndi maola awiri. Lembani nthawi zonse ziwiri pamodzi ndi mayina a mizinda, musasiye kuti mlendo awerengere yekha. Ndipo popeza intaneti ndi magetsi sizilonjeza kanthu, pansi pa mzerewo pakhale mawu akuti Zoom ikakanika pofika 11:03, wachitatu alowe, wa ku Nairobi ayesedwenso 11:25. Wachitatuyo akhale atakhala kale pampando wa kutsogolo.

Mafunso nawo ali ndi masamu ake. Funso limodzi ndi yankho lake zimatenga pafupifupi mphindi 4, poganizira kuti maikolofoni iyende kukafika kumbuyo ndi kuti wofunsa ayambe wathokoza. Mphindi 30 ndi mafunso asanu ndi awiri, osati makumi awiri. Emusi akadziwa nambalayi amatenga mafunso atatuatatu, kawiri, n'kusiya kampata ka limodzi lomaliza.

Mphindi 10 za 12:20 zisaoneke pa pepala la alendo, ndiponso zisaoneke pa uthenga wa oyankhula. Woyankhula akadziwa kuti pali mpata, amauyesa wake. Amene ayenera kudziwa ndi emusi, wosunga nthawi ndi mwini pulogalamu basi. Apa ndiye pamaonekera kuti si onse oyenera kulandira pepala lofanana.

Emusi alandire zonse. Tsamba lake likhale ndi nthawi yoyambira, nthawi yothera, mphindi, chochitika, dzina ndi udindo wa munthu monga momwe mwini wake amafunira kuti zitchulidwe, ndi danga la ndemanga. M'danga limeneli ndi momwe mumalembedwa zoti uyu ndi Dokotala osati Bambo, uyu ndi Mfumu Yaikulu osati Gulupu, dzina lachilendo ili limatchulidwa motere, apa pakufunika maikolofoni awiri, apa magetsi a kutsogolo azimitsidwe chifukwa pali kanema wa mphindi 4. Mbiri ya woyankhula aliyense ilembedwe m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mukapatsa emusi masamba atatu a mbiri ya munthu, awerenga onse. Mulembenso chizindikiro pa zinthu zimene zikhoza kudulidwa nthawi ikathina, motsatana kwake: choyamba kudula ndi ichi, chachiwiri ichi. Emusi wabwino amatha kuseketsa anthu, koma si iye woyenera kusankha payekha kuti lipoti la gulu liti lisamveke. Musindikizireni ndi zilembo zikuluzikulu, mbali imodzi ya pepala, makope awiri, chifukwa foni imazima ndipo munthu wogwira maikolofoni dzanja limodzi sangamakulitse zilembo pa foni.

Woyankhula safunika zonsezi. Mukamutumizira masamba anayi, afufuza dzina lake, aona nthawi imodzi, n'kutseka. Mutumizireni pulogalamu yonse kuti adziwe amene ali patsogolo ndi pambuyo pake, koma zake zenizeni zikhale mu uthenga weniweniwo, pamwamba. Wa woyankhula wachitatu ukhoza kukhala wotere:

“Mayi, takulandirani ku msonkhano wa Lachinayi. Nkhani yanu ya mapangano ndi ogula iyamba 11:28 ndi kutha 11:48, mphindi 20. Mafunso adzabwera pambuyo pake, kwa oyankhula onse atatu pamodzi, choncho musawasiyire nthawi mkati mwa mphindi zanu. Tikupempha kuti mufike pofika 10:00 ndipo mukhale kutsogolo kuyambira 10:55, chifukwa wa patsogolo panu ali pa intaneti ndipo ikavuta mudzalowa ndinu. Omvera ndi alimi 150, ambiri amamva bwino Chichewa. Zithunzi zisapitirire 12, ndipo zitifike pofika Lachiwiri 12 koloko masana. Wosunga nthawi adzakweza khadi zikatsala mphindi 5, lina zikatsala 2, ndipo nthawi ikatha emusi adzaimirira pafupi nanu. Chonde tiyankheni potchula nthawi yanu kuti tidziwe kuti tamvana.”

Chiganizo cha makhadi chija n'chofunika kuposa m'mene chikuonekera. Kwathu kuno kudula munthu wamkulu pakamwa n'kovuta, ndipo mtsikana wosunga nthawi sangakweze khadi lofiira pamaso pa pulofesa ngati pulofesayo sanamvepo za makhadi. Koma zikakhala kuti zinalembedwa, aliyense analandira mawu omwewo ndipo anavomera, khadilo silikhalanso chipongwe cha mwana. Emusi abwerezenso lamuloli m'mawa pamaso pa onse, lisanagwere munthu aliyense. Mlendo wolemekezeka yekha sakwezeredwa khadi. Za mphindi zake zimakambidwa ndi amene akumulembera mawu, ndipo njira yogwira ntchito ndi kutchula masamba osati mphindi. Tsamba limodzi lotayipa mwachizolowezi limatenga mphindi zitatu kapena zinayi kuwerenga mokweza, choncho mphindi 20 ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi.

Chiganizo chomaliza, chopempha kuti munthu atchule nthawi yake, chilinso ndi ntchito. Timizere tiwiri tabuluu ta pa WhatsApp timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, ndipo yankho loti “zikomo, ndaona” silinena chimene waona. Amene wayankha kuti “11:28, mphindi 20, ndifika 10 koloko” ndiye wawerenga. Amene sanayankhe pakatha tsiku aimbiridwe foni. Kwa akuluakulu a boma ndi mafumu, uthenga wa pafoni wokha sukwanira. Kalata ipite, ndipo wina ayankhule ndi mlembi kapena wothandizira amene amasunga ndandanda ya bwanayo, chifukwa ndi iye amene adzanene kuti galimoto inyamuke.

Za nthawi yotumizira, katatu n'kokwanira. Koyamba, kutatsala sabata ziwiri, kuti oyankhula akonze nkhani molingana ndi mphindi zawo ndi kuti amene nthawiyo siyikumuyenera anene. Kachiwiri, kutatsala masiku atatu, pulogalamu yomaliza. Kachitatu, madzulo a Lachitatu, kauthenga kafupi kokumbutsa malo, nthawi yofikira ndi munthu womufunsa pakhomo. Tumizani PDF, osati fayilo ya Word kapena Excel imene imasokonekera pa foni ndipo aliyense akhoza kuisintha. Musatumizenso chithunzi chojambula pepala, chimene manambala ake saoneka. Pamwamba pa tsamba lililonse palembedwe kuti ili ndi kope lachingati ndi tsiku lake, ndipo dzina la fayilo linene zomwezo, monga `Pulogalamu_kope3_Lolemba.pdf`. Chisokonezo chofala kwambiri pa misonkhano ndi chakuti emusi ali ndi kope lachitatu, wa zipangizo ali ndi lachiwiri, wapampando anasindikiza loyamba. Mukasintha kanthu, nenani mu uthenga chimene chasintha ndi amene chikumukhudza. Palibe amene adzafananitse makope awiri mzere ndi mzere. Nambala za foni za oyankhula zikhale pa kope la emusi ndi la okonza lokha, osati pa limene likuzungulira m'gulu la WhatsApp.

Munthu mmodzi yekha ndiye akhale ndi mphamvu yosintha pulogalamu, ndipo dzina lake lilembedwe pamwamba. Lachitatu madzulo kapena Lachinayi cha m'ma 7 koloko, iyeyo, emusi, wosunga nthawi ndi wa zipangizo akhale pansi mphindi 20 n'kuwerenga mzere uliwonse mokweza. Pamenepo m'pamene zimatulukira zoti kanema uja ali pa kompyuta ya munthu amene afika masana, kapena kuti maikolofoni oyenda nawo ndi imodzi yokha. Zithunzi zonse zikhale zitaikidwa kale pa kompyuta imodzi motsatana; woyankhula aliyense akamalumikiza yake, mphindi 3 za kusintha zija zimakhala 10. Tsikulo likayamba, zosintha zilembedwe ndi cholembera pa kope la emusi, n'kunong'oneza amene zikumukhudza. Kutumiza kope lachinayi m'gulu anthu ali kale m'holo kumangoweramitsa mitu yonse pa mafoni.

Pulogalamu yosawerengedwa imadziwika msanga, ngakhale musanapite ku msonkhanowo. Nthawi zake zonse zimathera pa :00 kapena :30. Chinthu china chimatha 11:00, chotsatira n'kuyambanso 11:00, ngati kuti anthu sayenda. Pali mizere yopanda dzina la munthu, yongoti “mawu” kapena “zokambirana”. Ndipo kulembetsa kwapatsidwa mphindi 30 popanda wofunsa kuti matebulo ndi angati. Anthu 150 pa tebulo limodzi, aliyense theka la mphindi, ndi mphindi 75. Pa matebulo atatu ndi 25.

Masana amafuna masamu omwewo, koma pali chinthu chimodzi chimene kawirikawiri sichilembedwa n'komwe pa pulogalamu iliyonse: kusayinira ndalama za mayendedwe. Munthu aliyense amatenga pafupifupi mphindi imodzi kuti apezeke pa ndandanda, asayine, awerenge ndalama zake. Anthu 150 pa matebulo awiri ndi mphindi 75. Mukatseka 16:30 n'kuyamba kulipira pamenepo, womaliza achoka 17:45, kutada kale. Mukayamba kulipira 15:00 gawo lomaliza lili mkati, holo itsala ndi mipando yokha ndipo woyankhula womaliza ayankhula kwa emusi. Njira yabwino ndi kuwonjezera matebulo akhale anayi, kugawa anthu potsata maboma awo, a kutali ayambe, ndi kulemba pa pulogalamu ya emusi kuti pemphero lotsekera ndi 15:45, kulipira kuyamba 15:50 ndipo kutha cha m'ma 16:30. Zikatero, gawo lamasana latsala ndi mphindi 135 kuchokera 13:30, ndipo woyankhula womaliza auzidwe mu uthenga wake kuti iye yekha alibe mpata wopitirira ngakhale mphindi imodzi, chifukwa kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu opita ku Mchinji ndi Kasungu.